Pepala lomwe amfumu akudindapo: kulembanso chidule cha pulopozo m'Chichewa

Achemwali anga, nthawi yandichepera, ndiye ndingolowa m'nkhani.

Ambiri muno muli m'timagulu tomwe talembapo pulopozo yopempha ndalama. Mukudziwa kuti kumayambiriro kwake kumakhala tsamba limodzi lofotokoza pulojekiti yonse mwachidule. Tsambali timalilemba m'Chingerezi chifukwa woliwerenga ndi dona. Koma ntchitoyo ikagwiridwa kumudzi, ndipo kumudziko kuli eni ake. Chiyambireni ndondomeko ya mphamvu ku anthu mu 1998, ntchito ya chitukuko imadutsa m'makomiti. Kukhonsolo mumakaonekera ku DEC, kenako ku ADC ya m'dera la mfumu yaikulu, kenako ku VDC ya kwa agulupu. Ku DEC Chingerezi chimayenda bwinobwino. Mukatsika kufika ku ADC ndi ku VDC, pepala limafunika m'chilankhulo cha anthuwo, ndipo kawirikawiri mlembi amaliwerenga mokweza, ena onse akungomvetsera.

Chimene ambiri timachita ndi ichi: timatenga chidule cha Chingerezi chija, n'kupatsa mnzathu wodziwa Chichewa kuti amasulire mzere ndi mzere usiku woti mawa ndi msonkhano. Lero ndikufuna ndikuonetseni chifukwa chake zimenezo sizikwanira.

Dona akamawerenga chidule amakhala ndi funso limodzi: ndiperekerenji ndalama zanga kwa anthu awa? Amfumu akamamvetsera funso lawo ndi lina: kodi ndikuvomereza chiyani, ndipo anthu anga akadzandifunsa ndidzayankha kuti chiyani? Pepala lolembedwa kuti liyankhe funso loyamba silingayankhe lachiwiri, ngakhale Chichewa chake chikhale chokoma bwanji. Liyenera kulembedwanso. Zoona zake zikhale zomwezo, manambala akhale omwewo, koma kasanjidwe ndi mawu zitsate funso la amfumu.

Tiyeni tiyerekeze ndi pulojekiti imodzi, manambala ake ndi ongopangira chitsanzo. Gulu lathu likufuna kuthandiza atsikana amene anasiya sukulu chifukwa cha mimba kapena ukwati kuti abwerere m'kalasi. Sukulu ndi zitatu, nthawi ndi miyezi 12, ndalama zomwe tapempha ndi K24 miliyoni. Atsikana 60 adzalandira yunifolomu, makope ndi zina zofunika. Ophunzira pafupifupi 600 adzakhala nawo pa zokambirana za m'makalabu a pasukulu. Pa sukulu iliyonse padzamangidwa kachipinda kosinthiramo atsikana akakhala kumwezi.

Chidule cha Chingerezi cha pulojekiti yotere, chikamasuliridwa liwu ndi liwu, chimamveka chonchi:

“Pulojekitiyi ikufuna kupereka mphamvu kwa atsikana omwe ali pachiopsezo kudzera m'kumemeza anthu a m'madera pofuna kuthana ndi miyambo yoipa. Opindula 600 adzafikiridwa ndi thandizo, ndipo adindo adzatenga nawo mbali poonetsetsa kuti ntchitoyi ikhale yokhazikika.”

Mwamva eti? Liwu lililonse ndi la Chichewa. Koma khalani pa mpando wa agulupu mumvetsere bwino.

Choyamba chimene khutu lawo latola ndi “opindula 600” ndi “thandizo”. M'pulopozo, benefishale ndi aliyense amene pulojekiti yamukhudza, ngakhale amene anangokhala pa zokambirana kamodzi. Kumudzi wopindula ndi munthu amene dzina lake lalembedwa ndipo alandira kanthu m'manja, monga zimakhalira ndi makuponi a feteleza kapena mtukula pakhomo. Thandizo ndi chinthu chooneka: ufa, ndalama, bulangete. Ndiye agulupu amva kuti atsikana 600 alandira zinthu. Akabwerera kwawo adzauza anyakwawa, anyakwawa adzauza makolo, mayina adzayamba kulembedwa. Tsiku logawa mayunifolomu mudzabwera ndi 60. Makolo a ana 540 otsalawo sadzakufunsani inu, chifukwa inu madzulo mubwerera ku tauni. Adzapita kwa amfumu, ndipo mawu ake mukuwadziwa: mwadya ndi a bungwe aja. Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, ndipo pano lonjezolo simunalinene n'komwe, lalowa lokha kudzera m'liwu limodzi.

Choncho m'pepala la amfumu manambala awiriwa asiyanitsidwe poyera. Olandira zinthu ndi 60. Okhala nawo pa zokambirana ndi 600, ndipo awa salandira kanthu. Mzere woti “salandira kanthu” ulembedwe ndithu. Dona safuna kuuzidwa zimenezo chifukwa amadziwa kale, koma kumudzi mzere umenewu ndi umene umateteza amfumu ndi inu nomwe.

Chachiwiri ndi mawu aja akuti “adzafikiridwa”, ndi anzake monga “adzasankhidwa” ndi “kudzamangidwa”. Chingerezi cha mapulopozo chimakonda kubisa wochita. Paliponse pomwe mwalemba mneni wotere, dzifunseni kuti: ndi ndani? Atsikana 60 aja adzasankhidwa ndi ndani? Ngati pepala silinena, aliyense amadzaza yekha. Anyakwawa aganiza kuti ndi iwo, ahedi aganiza kuti ndi iwo, a komiti ya sukulu chimodzimodzi. Mkangano wa mayina umayambira pamenepo. Lembani kuti mayina adzachokera m'kaundula wa sukulu wa ana amene anasiya, gulu la amayi a pasukulu lidzayendera makomo kukatsimikiza, ndipo VDC idzaona mndandanda usanatsekedwe. Lembaninso zoyenereza: mtsikana amene anasiya sukulu m'zaka ziwiri zapitazi, ndipo iye mwini akufuna kubwerera. Zikatero, mwana wa mlongo wa amfumu akapanda kulowa, amfumu ali ndi pepala loti aonetse kwa abale awo.

Chachitatu ndi “miyambo yoipa”. Achemwali, mukuwerenga mawu amenewa pamaso pa anthu amene udindo wawo ndi kusunga miyambo. Simunanene kuti ndi mwambo uti, ndiye aliyense aganiza wake: wina chinamwali chonse, wina gule, wina chikamwini. Mwayamba ndi kunyoza, ndipo zotsatirazo sakumvetseranso. Ena akazindikira vutoli amangochotsa mzere wonsewo kuti msonkhano uyende bwino. Kumeneko ndi kulakwa kwina, koopsa kuposa koyamba, chifukwa amfumu adzadinda pa pulojekiti ya mayunifolomu, kenako adzadabwa kumva kuti mukulowerera maukwati a ana m'mudzi mwawo. Chilolezo chopezeka mobisa sichikhalitsa.

Njira yake ndi kutchula chinthucho ndi dzina lake, popanda kuweruza mwambo wonse. Mukutanthauza kukwatiwitsa mwana? Nenani choncho: kukwatiwitsa mtsikana asanakwanitse zaka 18. Apa simukubweretsa maganizo a dona. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino anasinthidwa kuti mwana akhale aliyense wosakwana zaka 18. Mafumu ambiri akudziwa zimenezi, ena ali ndi malamulo awoawo a m'dera oletsa maukwati otere. Mukatchula chinthu chenichenicho mumawapatsa poyambira kukambirana nanu.

Chimodzimodzi ndi “kupereka mphamvu”, empawamenti ija. Bambo wokhala kumbuyo uko akamva kuti atsikana apatsidwa mphamvu amafunsa mumtima kuti mphamvu yoposa ndani. Liwu loti “ufulu” nalonso, likangoponyedwa lokha, ena amalimva ngati chilolezo cha mwano. Sindikunena kuti tiziopa mawu amenewa, ndi athu ndipo tiwagwiritsabe ntchito. Koma m'pepala lopempha chilolezo, liwu lotere litsatidwe ndi chochitika chake. Ufulu wa mtsikana wobwerera ku sukulu atabereka, womwe ndondomeko ya boma inauvomereza kuyambira 1993. Pamenepo palibe woganiza za mwano.

Chachinayi ndi mzere womaliza uja, “adindo adzatenga nawo mbali” ndi “yokhazikika”. Kwa dona mawu amenewa ndi okoma. Koma tsegulani bajeti muone chimene akubisa. Pa zipinda zitatu zija mwawerengera simenti, malata, zitseko ndi mmisiri. Mchenga, miyala ndi madzi mwalemba kuti ndi gawo la anthu a m'mudzi. Kutenga nawo mbali kumeneko ndi ntchito ya manja, ndipo amene adzaitane anthu ku ntchitoyo ndi anyakwawa. Amene adzasenze madziwo, tonse tikudziwa, ndi amayi. Ndiye pepala linene kuti tikupempha mchenga, miyala ndi madzi, mwezi wakutiwakuti, ndipo palibe malipiro. Mukatchula mwezi, mafumu adzakuuzani okha ngati mwaika ntchito pa nthawi yopalira kapena yokolola. Zimenezo ofesi ya ku Lilongwe singakuuzeni.

“Yokhazikika” tanthauzo lake ndi lakuti pakatha miyezi 12 ife tichoka, ndalama zitha, wina apitirize. Ndani? Ngati mukuyembekezera kuti gulu la amayi a pasukulu lidzapitiriza kuyendera atsikana popanda kanthu, nenani lero, iwo ali pomwepo, kuti avomere kapena akane.

Tsopano nkhani ya ndalama, yomwe ambiri amaizemba. Ena amati mukatchula K24 miliyoni pa bwalo mwaputa mavuto. Koma nambalayo mwaitchula kale ku DEC, ndipo alangizi a boma amene amakhala pa misonkhano ya ADC akhoza kuidziwa. Ikamveka kudzera kwa wina, funso limakhala lakuti anabisiranji. Itchuleni, koma musaisiye yokha, chifukwa nambala yaikulu yopanda magawo imamveka ngati thumba loti ligawidwe. Igaweni m'zigawo zochepa. Pa chitsanzo chathu, K9 miliyoni ndi ya zofunika za atsikana 60, kutanthauza K150,000 pa mtsikana mmodzi chaka chonse, ndipo adzalandira katundu osati ndalama. K6 miliyoni ndi ya zipinda zitatu. K3 miliyoni ndi ya maphunziro a amayi a pasukulu ndi makalabu. K6 miliyoni yotsalayo ndi ya malipiro a ogwira ntchito awiri, mayendedwe ndi zoyendetsera ofesi. Gawo lomalizali ndi limene timachita nalo manyazi. Lilembeni. Mfumu imadziwa kuti njinga yamoto imamwa mafuta.

Ngati pulopozo ili m'madola, sinthani mukhale makwacha, ndipo lembani mwezi womwe mwasinthira. Mukukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 pa 100 tsiku limodzi. Mtengo wa simenti womwe mwawerengera lero ukhoza kusintha ndalama zisanafike, ndipo mzere umodzi wonena zimenezi ukupulumutsani kutsogolo.

Pali nkhani ya alawansi. Pulopozo siitchula m'chidule, koma pa msonkhano aliyense akuiganizira. Lembani zomwe zili m'bajeti: pa maphunziro a tsiku lonse padzakhala chakudya ndi ndalama yobwezera thiransipoti, pa misonkhano ya m'mudzi sipadzakhala kanthu.

China chimene chimasowa m'mapepala ambiri ndi kachilembo kakang'ono. Madona ena amafuna kalata ya chilolezo ya mafumu musanatumize pulopozo, kutanthauza kuti mukupita kwa amfumu ndalama zisanapezeke. Chidule cha Chingerezi chimalankhula motsimikiza, chifukwa mukufuna dona akukhulupirireni. Mukachibweretsa m'Chichewa chimakhala “tidzamanga”, “tidzagula”, “tidzagawa”. Kumudzi “tidzamanga” ndi lonjezo. Anthu ayamba kututa mchenga, dona akana, mulu wa mchenga utsala pa sukulu ngati chikumbutso cha bodza lanu, ndipo gulu lina la atsikana likadzabwera chaka chamawa lidzalipira ngongole yanu. Lembani kuti “ndalama zikapezeka, tidzamanga”. Kachilembo ka “ka” kameneko musakaiwale. Nenaninso mwezi womwe mukuyembekezera yankho, ndi kuti mudzabwera kudzanena ngakhale yankholo likhale lokana.

Chomaliza pa zolemba ndi chomwe chimavuta kunena pamaso pa mafumu. Pulopozo yanu ili ndi gawo la chitetezo cha ana, lomwe limati mukapeza mwana wagwiriridwa mukanena ku polisi ndi ku ofesi yosamalira anthu. M'chidule cha dona izi zimangokhala mawu awiri kapena kusowa kumene. Kwa amfumu ndi nkhani yaikulu, chifukwa m'midzi ina milandu yotere imathera pa bwalo ndi mbuzi kapena nkhuku. Akapanda kudziwiratu, tsiku limene apolisi adzafike adzamva kuti mwawadutsa. Lembani mwaulemu koma momveka: mlandu wogwirira mwana ndi wa boma, sitidzaubweretsa ku bwalo la m'mudzi, tidzapita nawo ku polisi ndi ku chipatala, ndipo tikupempha mafumu atithandize kutero. Mwina pamenepa padzakhala kukambirana kotentha. Kuli bwino kutenthe lero kusiyana ndi tsiku lomwe mwana ali pakati.

Tsopano mverani pepala lomwe lija litalembedwanso:

“Kwa Gogo Chalo, magulupu, anyakwawa ndi mamembala a ADC. Ife a gulu lakutilakuti tikupempha chilolezo chogwira ntchito m'sukulu zitatu za m'dera lanu kwa miyezi 12. Cholinga ndi chakuti atsikana amene anasiya sukulu chifukwa cha mimba kapena ukwati abwerere m'kalasi. Tapempha K24 miliyoni ku bungwe lina. Ndalamazi sizinabwere, yankho tikuliyembekezera mu Malichi, ndipo tidzabwera kudzakuuzani zivute zitani.

“Ndalama zikapezeka tidzachita zinthu zitatu. Tidzagulira atsikana 60 yunifolomu, makope ndi zofunika zina. Tidzamanga kachipinda kosinthiramo pa sukulu iliyonse. Tidzachititsa zokambirana m'makalabu a pasukulu, momwe mudzakhale ophunzira pafupifupi 600. Ophunzira 600 amenewa salandira katundu kapena ndalama. Zokambiranazo zidzakhudza kutha msinkhu, kupewa mimba ndi kuipa kokwatiwa usanakwanitse zaka 18.

“Kwa inu tikupempha zinthu zitatu: chilolezo, mchenga ndi miyala ndi madzi m'mwezi wa Julayi popanda malipiro, komanso kuti mutithandize kulankhula ndi makolo.”

Pansi pake pabwere kasankhidwe ka atsikana, magawo a ndalama, nkhani ya milandu, zomwe zidzatsale tikachoka, ndi kumene munthu angakadandaule ngati ife talakwitsa. Zonse zisapitirire masamba awiri, zowerengeka mokweza m'mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi. Mwaona kuti ndime yoyamba ija ya m'chidule cha dona, yodzaza ndi ziwerengero za umphawi ndi mimba za m'bomalo, mulibe. Amfumu safunika kuuzidwa kuti kwawo kuli umphawi. Ngati mukufuna nambala, tengani ya m'kaundula wa sukulu zitatuzo, yomwe ahedi angaitsimikize ali pomwepo.

Mungadziwe bwanji kuti pepala lapsa? Osafunsa mnzanu wa mu ofesi, iyeyo anawerenga Chingerezi chija ndipo mutu wake umadzaza mipata wokha. Pezani munthu amene pulopozo sanaionepo, makamaka wamkulu amene anakhalako kumudzi, kaya ndi azakhali anu, kaya mayi wogulitsa masamba pamsika. Muwerengereni mokweza kamodzi kokha, monga adzachitire mlembi. Kenako mufunseni mafunso asanu. Alandire zinthu ndi angati? Awasankhe ndani? Anthu a m'mudzi apereke chiyani? Ndalama zilipo kale kapena ayi? Ntchito itha liti? Akayankha kuti “600”, kapena “amfumu ndi amene asankhe”, vuto si iyeyo, bwererani ku mzere umenewo. Pomwe mlembi angapunthwe kapena kupuma pakati pa chiganizo, chiganizocho chatalika, chiduleni.

Mukatero ikani mapepala awiriwo pamodzi, la dona ndi la amfumu, muyende nawo ndi cholembera. Chilichonse chomwe mwalonjeza dona kuti mudzachita m'mudzimo chipezeke m'pepala la amfumu. Chilichonse chomwe mwalonjeza amfumu chipezeke m'bajeti. Ngati m'pulopozo muli zokambirana za kulera koma m'Chichewa mwangoti “maphunziro a zaumoyo”, mwabisa. Ngati m'Chichewa muli mjigo womwe m'bajeti mulibe, mwanama.

Pali malire ake omwe tiyenera kuwadziwa. Pepala la Chichewa silithandiza paliponse. Ku Mangochi mungafunike Chiyao, ku Mzimba Chitumbuka, ku Nsanje Chisena, ndipo njira yake ndi yomweyi. Komanso chidindo cha amfumu ndi chilolezo cholowera m'dera, sichilowa m'malo mwa kuvomera kwa mtsikana mwini wake ndi makolo ake. Pepala lomwelo liwerengedwenso kwa atsikanawo ndi kwa gulu la amayi a pasukulu, paokha, pomwe angafunse momasuka.

Ndipo konzekani kuti mafumu akhoza kusintha zinthu. Akhoza kunena kuti Julayi sangathe, kapena kuti sukulu yomwe mwasankha ili kale ndi kachipinda komwe bungwe lina linamanga. Lembani zimenezo, mubwerere nazo kwa dona musanasaine chilichonse. Kalata ya chilolezo ikhale m'Chichewa, itchule pepala lomwe lawerengedwa ndi tsiku lake, ndipo ya Chingerezi yopita kwa dona ikhale yomasulira kuchokera ku ya Chichewayo. Siyani kope kwa mlembi wa ADC, lina kwa ahedi a sukulu iliyonse, lina kwa amayi a pasukulu. Pakapita miyezi isanu ndi umodzi wina akadzati munalonjeza njinga, pepala lidzayankha lokha.

Amene mwabwera ndi mapulopozo anu, tikapuma tikhala awiriawiri. Wina awerenge chidule chake mokweza, mnzake ayankhe mafunso asanu aja.